Khungu lakuda silifiira ngati la m'mabuku, ndiye tiyang'ane chani?

Funso: Ndine mayi wa ku Domwe. Mwezi watha apongozi anga aamuna anadzitema ndi khasu pamwendo kumunda wa mbatatesi, patatha masiku mwendo unatupa. Mwana wanga wa sekondale anawerenga pa foni kuti ngati pafiira mpamene muthamangire kuchipatala, ife tinayang'ana sitinaone kufiira ndiye tinadikira. Titapita ku Ulongwe anati tachedwa, anagona sabata yathunthu. Kodi anthu akudafe timafiira? Nanga wamng'ono wanga wa zaka 2 akatuluka zidzolo ndidziwa bwanji kuti nzoopsa?

Yankho:

Mayi, choyamba musadziimbe mlandu, chifukwa inu munayang'ana ndithu, kungoti munauzidwa kuyang'ana chinthu chimene pa khungu la apongozi anu sichikanaoneka. Ine ndagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri mbali ya Angoniya ndi Moatize, ndipo ndikuuzeni zoona, nanenso ndili kusukulu ndinaphunzira ndi zithunzi za anthu oyera, buku likuti "pafiira", ukayang'ana chithunzi pafiiradi ngati tomato, ukafika ku wodi odwala onse ndi akuda ngati iwe ndipo tomato uja sakuoneka paliponse. Zinanditengera nthawi kuti ndiphunzire kukhulupirira dzanja langa kuposa maso.

Tiyambe ndi kufiira kwenikweniko kuti nchani. Madzulo ano kukada tengani foni, yatsani tochi yake, ikani chala pamwamba pa tochiyo. Muona chala chikuwala mofiira. Amenewo ndi magazi, ndipo ndi ofiira chimodzimodzi mwa inu, mwa ine, mwa mzungu, mwa mmwenye. Malo ena pathupi akalowedwa ndi tizilombo kapena akapsa, timitsempha ting'onoting'ono ta pansi pa khungu timatseguka kwambiri, magazi amathamangira pamenepo ambiri kuposa masiku onse, ndipo madzi ena amatuluka m'timitsemphamo kulowa m'mnofu. Kuchuluka kwa magazi kuja ndiye kufiira komanso kutentha, madzi aja ndiye kutupa, ndipo zonsezi zikafinya mitsempha yomvera ndiye kupweteka. Zinthu zinayi zimenezi, kufiira, kutentha, kutupa, kupweteka, anazilemba kalekale munthu wina wa ku Roma dzina lake Celsus pafupifupi zaka 2000 zapitazo, ndipo mpaka lero ndi zomwe timaphunzitsidwa. Vuto nloti mwa zinayizi anthu anangogwira chimodzi, kufiira, chomwe ndi chokhacho chimene chimabisala pa khungu lakuda. Zitatu zinazo sizibisala chifukwa cha mtundu wa khungu.

Nanga chimabisala bwanji? Khungu lili ndi zigawo. Timitsempha ta magazi tili m'chigawo cha pansi. Pamwamba pake pali kachigawo kopyapyala kwambiri, malo ambiri ngati pepala la kope basi, ndipo m'menemo ndi momwe muli utoto umene umatipatsa mtundu wathu, timautcha melanini. Mwa ife akuda ndi wambiri, ndipo ntchito yake ndi kumeza kuwala kwa dzuwa, nchifukwa chake timalima tsiku lonse osasupuka ngati mmene amachitira mwana wachialubino. Ndiye kuti muone magazi aja, kuwala kuyenera kudutsa utoto umenewu polowa, kudutsanso potuluka. Yesani kunyumba: dulani kachidutswa ka tomato, kaponyeni mu tambula ya madzi, kaoneka kofiira bwinobwino. Kaponyeni mu tambula ya tiyi wakuda wopanda mkaka, wothira masamba ambiri. Tomato ndi yemweyo, sanasinthe, koma tsopano akuoneka woderako, ngati wabulauni, mwinanso osaoneka nkomwe. Mwendo wa apongozi anu unali tomato wa mu tiyi uja. Unafiira ndithu, koma pansi.

Ndiye yankho la funso lanu loyamba nlakuti inde timafiira, koma maso amaona zina. Mwa munthu woyererako mutha kuona kufiira koderako ngati njerwa yootcha. Mwa munthu wakuda kwambiri pamaoneka pakuda kuposa khungu loyandikana nalo, nthawi zina ngati mtundu wa biringano, nthawi zina potuwa ngati pawazidwa phulusa, ndipo nthawi zina mtundu osasintha nkomwe koma pangowala ngati padzoledwa mafuta chifukwa khungu lakokeka ndi kutupa. Funso lofunsa si loti "pafiira?" ayi. Funso nloti "pano pakusiyana bwanji ndi malo omwewa mbali inayo?"

Ndikufotokozereni ndi bambo wina amene ndinamuona zaka zapitazo, nkhani yake ikufanana kwambiri ndi ya apongozi anu, ndipo ndimaikumbukira chifukwa tsiku loyamba ineyo ndinalakwitsa. Anali wa zaka za m'ma 50, wakuda bii, anabwera madzulo akuti mwendo wamanzere ukuwawa, anabayidwa ndi chitsa masiku 4 apitawo akututa chimanga. Magetsi anali atazima, ndinayang'ana ndi tochi, ndinaona kabala kakang'ono kouma pamwamba pa kakolo, khungu silinandionetse chilichonse, ndinatsuka, ndinamupatsa parasetamolo, ndinati abwere zikavuta. Sindinagwire mwendo winawo, sindinaugwire ngakhale wodwalawo kupitirira pabala. Anabweranso patatha masiku 2 atamunyamula panjinga, akunjenjemera, thupi lili pa 39, mwendo watupa mpaka pafupi ndi bondo. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa ndikanangoika dzanja tsiku lija ndikanadziwa.

Tsiku lachiwirilo ndinachita zimene ndinayenera kuchita poyamba, ndipo ndi zimene ndikufuna inu muzichita kunyumba. Ndinamutulutsa pakhonde pamene pali kuwala kwa masana, osati padzuwa lenileni poti limathwanima, koma pamthunzi powala. Babu la m'nyumba, kandulo, tochi ya foni, zonsezi zimanamiza pa nkhani ya mtundu, tochi imapangitsa khungu lakuda kungonyezimira basi. Ndinamuuza akwinye buluku miyendo yonse iwiri mpaka pamwamba pa mawondo, aiyike pamodzi. Pamenepo mpamene zinaoneka: wamanzere unali woderako kuposa wamanja, pang'ono chabe, koma timizere tija timene timakhala pakhungu la munthu wolima tinali titafufutika, khungu lili see ngati chikopa cha ng'oma, ndipo fupa la kakolo silikuoneka pomwe mbali inayo likuoneka bwino.

Kenako dzanja. Mugwiritse kuseri kwa dzanja, osati chikhatho, chifukwa chikhatho chathu nchokhakhala ndi khasu, sichimva bwino kutentha. Ikani kuseri kwa dzanja pa mwendo wabwinowo kaye, muwerenge mpaka 5, ndiye musamutsire pamalo omwewo pa wodwalawo. Kwa bambo uja kusiyana kunali ngati mwagwira mphika umene wangophulidwa kumene. Ndiye ndinayenda ndi dzanja pang'onopang'ono kukwera kumtunda mpaka pamene kutentha kunathera, kenako ndikukanikiza ndi chala pang'ono ndikuyang'ana nkhope yake, osati mwendo, chifukwa azibambo athu ukawafunsa ngati zikuwawa amati "pang'ono" pomwe nkhope yakwinyika. Malire a kutentha ndi malire a kupweteka anakumana malo amodzi, zala zitatu pansi pa bondo. Amenewo ndiwo malire a matenda, ngakhale maso samawaona.

Ndipo apa ndi pamene kaneta imagwira ntchito kuposa makina. Ndinajambula mzere pakhungu kutsata malire aja, ndikulemba tsiku ndi ola pambali. Pa khungu lakuda inki yakuda kapena yabuluu imavuta kuona, ndiye mutha kumata tizidutswa ta pulasitala yoyera m'malire mwake. Ndinatenganso chingwe ndikuyeza kuzungulira katumba pamalo ofanana miyendo yonse, wodwalawo unaposa ndi masentimita 4. Kunyumba simufunika tepi, kachingwe ka kapulana yakale kakwana, mumange mfundo pomwe kakumana, mawa muyezenso pamalo omwewo. Ndinagwiranso m'mphechepeche, ndinapeza mwanabere wotupa wopweteka mbali yomweyo, kusonyeza kuti tizilombo tayamba kukwera. Mabuku amati muyang'ane mzere wofiira wokwera kuchokera pabala, koma mwa ife mzerewo kawirikawiri suoneka, umangomveka ngati njira yopweteka mkati mwa ntchafu ukamasisita ndi chala.

Matendawa timawatcha selulaitisi, tizilombo ta mabakiteriya talowera pabala nkufalikira m'mnofu wa pansi pa khungu. Bambo uja tinamugoneka, jakisoni wa maantibayotiki, mwendo pamwamba pa pilo, katemera wa kafumbata poti bala linali la kumunda. Tsiku lotsatira kutentha kunadutsa mzere wanga pang'ono, zimenezi zimachitika tsiku loyamba ngakhale mankhwala akugwira, koma pofika maola 48 kunabwerera m'kati mwa mzere, kutentha thupi kunatsika, ndipo chizindikiro chimene ndimachikonda kwambiri chinabwera: khungu linayamba kuchita makwinya ngati nthochi yofota, kusonyeza kuti madzi akuchoka. Koma tamverani ichi. Mtundu wa mwendo sunabwerere. Unadanso kwambiri kuposa tsiku lomwe anabwera, mkazi wake analira kuti mwendo ukuwola. Sunali kuwola, unali wozizira bwino, wosapweteka, akuponda. Khungu lakuda likadwala limasiya chidindo, ndibwerera ku nkhaniyi kutsogoloku. Ndiye mukuona kuti mtundu unatinamiza kawiri: poyamba unati zili bwino pomwe zinali zoipa, pomaliza unati zaipa pomwe zinali kuchira.

Pa mwendo kapena mkono wotere, musadikire mtundu uliwonse. Mbali imodzi ikatentha kuposa inzake, yatupa, ikupweteka, pitani tsiku lomwelo. Ndipo ngati munthu akumva ululu woopsa kuposa mmene mwendo ukuonekera, kapena patuluka matuza a madzi akuda, kapena malire akusuntha inu mukuona pa maola ochepa, kapena munthu wayamba kusokonekera mutu, musadikire shapa ya mawa, pezani njinga yamoto usiku womwewo, chifukwa pali mtundu wina umene umadya mnofu mofulumira ndipo umafuna opaleshoni. Anthu a shuga samalani kawiri, phazi lawo nthawi zina silimva kupweteka, ndiye mwa zizindikiro zinayi zija atsala ndi ziwiri zokha, kutentha ndi kutupa. Miyendo ikatupa yonse iwiri mofanana osatentha, kawirikawiri ndi nkhani ina, mtima, impso kapena chiwindi, nayonso ndi ya kuchipatala koma si imene tikukambayi.

Tsopano wamng'ono wanu wa zaka 2. Kwa ana ndimayamba ndi kuyang'ana mwana, zidzolo pambuyo. Mwana amene ali ndi totupa thupi lonse koma akusewera, akudya, thupi silikutentha, akungokanda, nthawi zambiri si wothamanga naye usiku, mwina ndi mphere, thukuta la mu Okutobala, kapena ziwengo. Mwana amene khungu likuoneka ngati labwinobwino koma wafooka, akukana kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, akugona osadzutsika bwino, kapena wakomoka, ameneyo ndi wothamanga naye ngakhale musaone kadontho nkamodzi komwe. Ndipo kwathu kuno mwana aliyense wotentha thupi ayezedwe malungo, zidzolo zisakuiwalitseni zimenezo.

Chikuku ndi chitsanzo chabwino cha mmene dzanja limaposera maso. M'mabuku ndi madontho ofiira thupi lonse. Pa mwana wakuda, tsiku loyamba la zidzolo mutha osaona kanthu, koma mukasisita kuseri kwa makutu, pachipumi m'malire mwa tsitsi, mumamva timitumbira tating'ono ngati mwasisita mchenga wosalala kapena khungu la nkhuku yososola. Apa tochi imathandiza, koma osati kuunika molunjika. Igwireni chammbali, kuwala kudutse chogona pakhungu, timitumbira tija timapanga timithunzi ndipo timaoneka. Chofunika kwambiri ndi dongosolo lake. Chikuku chimayamba ndi kutentha thupi kwambiri, chifuwa, chimfine, maso ofiira otuluka misozi, mwana kudana ndi kuwala, kwa masiku 3 kapena 4, ndiye zidzolo zimayambira kumutu, kutsikira pachifuwa ndi pamsana, kenako manja ndi miyendo, pa masiku ngati 3. Maso aja muwaone bwino, chifukwa choyera cha diso chilibe utoto wobisa magazi, pamenepo kufiira ndi kufiira kwa aliyense. M'kamwanso chimodzimodzi, mkati mwa tsaya moyang'anana ndi mano a kumbuyo nthawi zina mumaoneka timadontho toyera ngati timchere zidzolo zisanatuluke. Pambuyo pake khungu limada nkuyamba kusupuka ngati gaga. Mukaganiza chikuku pitani naye, auzeni pakhomo pomwe kuti mukuganiza chikuku asamukhazike pamzere ndi makanda, kumeneko akamupatsa vitamini A woteteza maso. Chonde musamutsekere m'nyumba kudikira kuti "chituluke", ndipo musamuthire chilichonse m'maso, ndaona ana akuwonongeka maso ndi zothira osati ndi chikuku. Muwerengenso mpweya wake akagona phee, kwa mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akapuma ka 40 kapena kuposa pa mphindi imodzi ndiye kuti chibayo mwina chalowa. Tayang'anani khadi lake la sikelo lero lomwe, katemera wa chikuku ndi kawiri, pa miyezi 9 ndi pa miyezi 18, ndipo wachiwiriyu amayi ambiri amaiwala poti mwana wayamba kuyenda.

Pali zidzolo za mtundu umodzi zimene ndikufuna muzidziwe ngakhale ndi zosowa, chifukwa zimapha pa maola. Zidzolo zambiri ndi magazi amene ali m'kati mwa mitsempha yotseguka, ndiye ukakanikiza magazi amathawa, malo amayererako, ukasiya amabwerera. Koma pali matenda, monga ena a gulu la oumitsa khosi, amene amaboola timitsempha magazi nkutayikira m'khungu. Amenewo ukakanikiza sachoka. Amayamba ngati timadontho tobaya ndi singano, kenako amakula ngati mikwingwirima ya munthu womenyedwa. Kuyesa kwake nkosavuta, tengani tambula yagalasi yoonekera, kanikizani mbali yake pamadontho, yang'anani kudzera m'galasimo. Akazimirira ndi bwinoko, akakhalabe pompo ndipo mwana akutentha thupi, nyamukani. Koma pamimba kapena pantchafu ya mwana wakuda kuyesa kumeneku kumavuta, simungaone bwino ngati zachoka kapena ayi. Ndiye pitani malo amene Mulungu anatisiyira mawindo: zikhatho, mapazi kunsi, kokerani chikope chapansi muone m'kati, tsegulani kamwa muone kumwamba kwake. Mawindo omwewa ndi amene timaonera kuchepa kwa magazi ndi chikasu. Chenjezo limodzi, ambiri mwa ife tili ndi timadontho takuda tachibadwa m'zikhatho, kumapazi ndi m'nkhama, ndiye muwadziwe a mwana wanu lero ali bwino, pomusambitsa, kuti tsiku lodwala mudzadziwe atsopano. Ndipo tambula ikati zili bwino koma mwana wafooka, khulupirirani mwana osati tambula.

Akuluakulu nawo pali chimodzi chofanana nacho kuopsa. Munthu wayamba mankhwala atsopano masabata apitawa, makamaka kotirimokisazo uja ambiri amati bakitirimu, fansida, nevirapini, kapena ena a khunyu, ndiye khungu layamba kuwawa ngati lapsa ndi moto, osati kuyabwa koma kuwawa, maso afiira, milomo yachita zilonda, kokodzera kukuwawa. Pakhungu mwina mungoona zigamba zoderako. Musadikire kuti zioneke bwino, asamwenso mlingo wina asanaonedwe, apite tsiku lomwelo ndi mapaketi onse a mankhwala m'manja.

Ndibwerere ku chidindo chija. Khungu lakuda likavutitsidwa ndi chilichonse, chithupsa, mphere, nthomba, kupsa, timaselo topanga utoto timasokonezeka. Nthawi zambiri timapanga wambiri, malo nkuda, nthawi zina timapanga wochepa, malo nkuyera mbuu. Zimenezi zimatenga miyezi kuti zifanane, zina kupitirira chaka, ndipo dzuwa limazidetsa kwambiri. Kusiyanitsa chidindo ndi matenda amene akadalipo ndi dzanja lomwe lija: tsekani maso, sisitani. Ngati simungadziwe pomwe pali banga, nposalala, nposatentha, sipayabwa, sipakukula, ndi chidindo, chisiyeni. Ngati pali potukuka, pokhakhala, pamamba, kapena mwana akukandabe usiku, matenda akadalipo ngakhale pasaoneke kufiira. Ana ambiri a chikanga chija choyabwa m'makwinya a zigongono ndi kuseri kwa mawondo amavutika nthawi yaitali chifukwa aliyense akawayang'ana amati nzochepa, poti pangotuwa ndi kukhakhala, pomwe mwana sakugona.

Apa ndipempheko chinthu chimodzi ndi mtima wonse. Musagule pomada ya pabanka kapena yoyendetsa pamsika kuti muchotse chidindo, makamaka zija zoyeretsa khungu. Zambiri zili ndi mankhwala amphamvu a gulu la sitiroyidi monga betametazoni ndi kulobetazo. Zimachotsa kuyabwa masiku oyamba nde munthu amati zagwira, koma zikapakidwa pa zipere zimazidyetsa, mkombero uja umafufutika nkufalikira, ndipo mukabwera kwa ife sitingazindikirenso kuti chinali chani. Mukapita kuchipatala musadzoze mwana mafuta kapena vaselini m'mawa umenewo, mafuta amabisa mamba ndi kutuwa zomwe ife tikufuna kuona. Ngati munapaka kale kanthu, tengani chubu chake, sitikukalipirani.

Banga loyera lili ndi funso lake lapadera. Mabuku ena amati banga la khate ndi lofiirira, mwa ife limakhala loyererako kuposa khungu lina, nthawi zina ngati mkuwa, siliyabwa, silipweteka, ndiye anthu amakhala nalo zaka. Tengani kathonje, mupotokole nsonga, munthuyo atseke maso, mukhudze pakhungu labwino kenako pabanga, aloze pomwe wamva. Ngati pabanga sakumva, pitani akaone. Khate likadalipo m'dziko lathu la Mozambiki, limachira ndi mankhwala a miyezi 6 kapena 12, ndipo amaperekedwa ulere. Likapezeka pa banga, zala sizifika powonongeka.

Za foto, poti ambiri mumatumizira achibale anamwino pa foni. Kamera ya foni imadzisinthira yokha kuwala, khungu lakuda imaliyeretsa kapena kulidetsa, ndiye foto imodzi yapafupi yojambula usiku ndi fulashi sitiuza chilichonse. Jambulani masana pamthunzi, fulashi yozima, miyendo kapena mikono yonse iwiri ionekere limodzi, kenako ina yapafupi mutaika kandalama kachitsulo pambali kuti tidziwe kukula kwake. Ndipo mulembe mawu, chifukwa foto simva kutentha. M'malo monena kuti "ali ndi zidzolo", nenani chonchi: zinayamba Lachiwiri kuseri kwa makutu, lero zafika pamimba, zikumveka ngati mchenga, thupi linayamba kutentha Loweruka, maso afiira, akukana phala koma akumwa madzi, sanamwe mankhwala ena kupatula parasetamolo. Mawu omwewa mukawauze a APE, azaumoyo a m'mudzi mwanu aja, kapena namwino kuposito. Ngati wina wangoyang'ana patali nkunena kuti palibe kanthu poti sipanafiire, mupempheni mwaulemu kuti "tagwirani apa, mugwirenso mbali inayi", ndi ufulu wanu, ndipo namwino wabwino sakwiya nazo.

Za apongozi anu, mwendo umene unadwalapo chonchi umakonda kubwereza, chifukwa njira zochotsa madzi m'mwendomo zimakhala zitavulala. Muziwayang'ana pakati pa zala za kumapazi, ngati pali poyera ponyowa posweka, chimene ena amati nyansi za m'zala za nthawi ya mvula, pachizidwe, poti pamenepo ndi pakhomo polowera tizilombo, chimodzimodzi ming'alu ya ku zidendene. Akamapita kudimba avale majombo, akabwera asambe ndi sopo aumitse bwino pakati pa zala. Ngati sanawayeze shuga ku Ulongwe, akayezetse ulendo wotsatira. Mwendowo ukhala wakuda kuposa unzake kwa miyezi ingapo, mwinanso kusupuka, musadabwe nazo, inu muzingoika kuseri kwa dzanja madzulo alionse kwa masabata angapo, mwendo uwu kenako uwo.